Andiuza kuti ndiyike K640,000 kuti ndalama zanga zituluke, alipo anadutsamo?

Mayi a Mapasa: Abale mwaswera bwanji, pepani ndilemba zambiri koma mutu wanga sukugwira. Sabata yatha Lachiwiri ndinalandira meseji pa WhatsApp, nambala yakunja, mtsikana wake waulemu kwambiri akuti kampani yawo imathandiza anthu a pa YouTube kuti mavidiyo awo azioneka, ntchito yake ndi kungolayika vidiyo nkutumiza sikirinishoti, vidiyo imodzi K1,500. Ndinalayika atatu ndipo K4,500 inalowadi pa Mpamba pasanathe mphindi khumi. Kenako anandipatsa linki ya Telegram, kumeneko kuli wina amalemba kuti Receptionist ndiye amapereka malipiro, nkundilowetsa pa gulupu ya anthu ambirimbiri. Panopa zafika poti ndikupereka nyenyezi pa katundu pa sayiti yawo, katundu 40 ndiye seti imodzi, ine ndaima pa 34 balansi yafiira, akuti ndiyike K640,000 kuti ndimalize nditape K1,410,000 yonse. Ndili ndi K300,000 ya belo la kaunjika, yotsalayo nditha kupeza kwa munthu wa katapila. Funso langa, alipo anamalizako seti nkutapadi?

Ejenti wa pa Depoti: Achemwali musatumize. Ngakhale K500 musatumize. Khalani kaye pansi timve zonse.

Kabaza Boy: linki ija mungandiponyereko ku inibokosi? ine zolayikazo ndingathe, bandulo ndili nayo

Adimini: Aise werenga kaye mpaka kumapeto. Ndipo aliyense woponya linki imeneyo pano ndimuchotsa.

Ejenti wa pa Depoti: Mayi tiyeni tichite chonchi, iwalani kaye nambala ili pa sayitiyo. Tsegulani mameseji a Mpamba ndi Airtel Money okhaokha, mutiuze ndalama zimene zinalowadi mu foni mwanu ndi zimene zinatuluka, chimodzi chimodzi.

Mayi a Mapasa: Zolowa, K4,500 ija ya tsiku loyamba, mawa lake ndinalayika ena sikisi K9,000. Ndiye anati ntchito ya nambala 10 ndi ya mtundu wina, umayamba waika ndalama nkubwerera ndi 30 peresenti, ukaidumpha malipiro a kulayika amatsika. Ndinaika K20,000 inabwera K26,000. Lachinayi ndinaika K60,000 inabwera K78,000. Apa mpamene ndinakhulupirira, sindinama. Lachisanu anandichotsa pa gulupu yaikulu nkundiika pa kagulu ka anthu 5 ndi mphunzitsi wake, ndinaika K150,000 yotsegulira seti. Pa katundu wa 23 panatuluka chimene amalemba kuti combo order, mtengo wake unaposa balansi yanga ndi K280,000, ndinatenga ku banki mkhonde nkuika. Pa 34 yatulukanso ina, ndiyo ya K640,000 iyi.

Ejenti wa pa Depoti: Chabwino. Zolowa zonse ndi K117,500. Zotuluka, 20 kuphatikiza 60 kuphatikiza 150 kuphatikiza 280, ndi K510,000. Ndiye kuti pofika lero mwaluza K392,500. Mukaika imene akufunayo mudzakhala mwaluza K1,032,500 ndipo K340,000 mwa imeneyo ili ndi chiwongola dzanja cha katapila. K1,410,000 ijayo palibe pamene ilipo mayi, ndi manambala amene munthu walemba pa tsamba, ngati ine nditalemba pa kope langa la pa kauntala kuti muli ndi miliyoni. Atha kulemba K10 miliyoni mawa, sizimuwonongera kanthu.

Mayi a Mapasa: Koma anzanga a pa kaguluko awiri amaliza dzulo ndipo anaponya masikirinishoti akutapa, wina ndi mayi ngati ine ndemwe anachita kulira kuti anagulitsa firiji koma zabwerera

Wa ku Joni: Sisi mayi wa firijiyo ine ndinakumana naye chaka chatha, kungoti kwa ine anali bambo wogulitsa galimoto kkkk. Sindikukusekani, ndikudziseka ndekha. Ine zinandipeza kuno ku Joni, zanga sizinali za YouTube zinali zopereka nyenyezi 5 ku mahotela pa Google Maps, mahotela oti sindinagonemo nkomwe. Anayamba kundipatsa R30, R50, ine nkumati aaa ya teksi iyi. Pofika sabata yachiwiri ndinali nditaika R14,000, ndalama yomwe ndimasunga kuti ndikamalize nyumba ku Mangochi. Kagulu kathu kanali ka anthu 4 ndipo lamulo lake linali loti mmodzi akalephera kuika ndiye kuti onse ndalama zawo zimangidwa, ndiye atatu enawo anayamba kundilembera paokha, wina kundinyengerera wina kunditukwana kuti ukutiphetsa, mwana wanga ali mchipatala. Ndinaika chifukwa cha manyazi. Nditamaliza seti yonse 40 ndikudina Withdraw akuti nambala ya akaunti ndalakwitsa dijiti imodzi, ndalama zaundana, ndiyike theka la balansi kuti aziwombole. Nambalayo ndinali nditalemba bwinobwino, anasintha okha. Mpamene ndinadzuka.

Mayi a Mapasa: Mayo ine. Zoti mmodzi akalephera onse amangidwa ndi zomwenso akundiuza, mayi wa firiji uja wandiimbira kawiri mmawa uno

Wa ku Joni: Wakuimbirani mwamva mawu ake, kapena wangolemba?

Mayi a Mapasa: Imalira kamodzi nkudula kenako amalemba kuti netiweki. Chichewa satha, akuti ndi wa ku Zambia

Wa ku Joni: Ndiye wa ku Zambia wosatha ngakhale "muli bwanji"? Muyeseni Chinyanja cha pa Chipata muone.

Mjomba Fundi: Ine ndimakonza mafoni ndi makompyuta, zimenezi zandidutsa pa tebulo kangapo anthu akubwera kuti ndiwathandize "kutsegula akaunti". Ndifotokozeko za combo ija chifukwa anthu amaganiza kuti ndi tsoka kapena mwayi wongogwera. Sayiti imeneyo kumbuyo kwake kuli tsamba la mwini, iye amaona dzina lanu, ndalama zimene mwaika, ndiye amasankha yekha kuti combo ikugwereni pa katundu wa nambala chakuti ndi mtengo wakuti. Nchifukwa chake siimabwera pa katundu wachiwiri kapena wachitatu, imabwera mutapyola theka, pamene kusiya kukupweteka. Taonaninso makwerero ake, 150 kenako 280 kenako 640, ulendo uliwonse pafupifupi kawiri ya yapitayo. Amayesa thumba lanu. Mukapeza 280 mwachangu amadziwa kuti muli ndi kobwereka. Mukaika 640 pa 38 kapena 39 padzatuluka ina yoposa miliyoni, mukadutsa imeneyo kudzabwera msonkho, kenako akuti credit score yanu, malikisi a kukhulupirika kwanu pa sayitiyo, yatsika muyikwezere, kenako zimene wanena mnzathu wa ku Joniyu. Mapeto ake kulibe, amaleka pokhapokha inu mwauma.

Mayi mukandiuza dzina la sayitiyo ku inibokosi ndiona tsiku limene inalembetsedwa, kapena chitani nokha, sakani whois pa Google, lembani dzina la sayiti, muone pamene palembedwa Creation Date. Akuti kampani ya zaka zambiri koma nthawi zambiri mumapeza sayiti ili ndi masabata atatu.

Bambo a Chisomo: Izi ndi piramidi basi, ngati zija zinkabwera kale zoti lowetsa anzako atatu. Oyamba amadya, omaliza amalira. Mayiwa angolowa mochedwa. Chinsinsi chake nkulowa msanga nkutuluka isanagwe.

Mjomba Fundi: Bambo mwakhoza mbali imodzi, ndalama zimene amalipira poyamba ndi za anthu ena obedwa, pamenepo mpofanana. Koma kusiyana kwake nkwakukulu. Piramidi imakhala ndi mphika umodzi umene umadzaphulika tsiku lina, amene analowa Januwale atha kutulukadi ndi phindu. Iyi ilibe tsiku lakugwa chifukwa munthu aliyense amamumangira msampha wakewake. Mungalowe tsiku loyamba sayiti itangotsegulidwa, combo yanu ikudikirani pa 23 pomwepo. Kulibe kuchedwa kapena kufulumira.

Bambo a Chisomo: Komabe ine mphwanga anadya K13,000 ya kulayika, atamuuza za kuika ndalama anawabuloka. Ndiye anawina iyeyo. Mbewa yochenjera imadya nyambo nkusiya diwa lili chitchere.

Ejenti wa pa Depoti: Zimachitika, sindikana. Koma funsani mphwanuyo kuti K13,000 imeneyo inachokera pa nambala ya ndani. Ine pa kauntala ndimaona. Ndalama za "malipiro" sizichokera ku kampani, zimachokera pa nambala ya munthu wamba, dzina la Chimalawi. Nthawi zina ndi munthu ngati mayiwa amene wauzidwa kuti ntchito yako ya lero tumiza K4,500 ku nambala iyi, iye akuganiza kuti akuika dipoziti pamene akulipira nyambo ya mnzake. Tsiku limene adzapite ku polisi ndi mndandanda wa manambala amene anatumizako, nambala ya mphwanuyo ili pomwepo. Adzafotokoza bwanji?

Bambo a Chisomo: Adzaonetsa machati basi, iye sanabe

Ejenti wa pa Depoti: Mwina adzamumvera, koma adzakhala atagona pa benchi tsiku lonse chifukwa cha K13,000. Komanso ambiri amene amabwera kwa ine akulira anayamba ndi nzeru yomweyo yoti ndingodya pang'ono ndithawe. K20,000 ija ikabwera 26 mtima umasintha.

Mayi a Mapasa: Zoona zake ine ndinalowanso choncho. Ndinauza mchemwali wanga kuti ndingowadyera ya ndiwo.

Za manambalazo mwanenadi, ndinatumiza ku manambala anayi osiyana, lililonse dzina lake, ndipo amati nambala imagwira mphindi 15 zokha ukachedwa upemphe ina. Ndinafunsa akuti ndi "amalonda" a kampani.

Anachisale: Pepani ndangolowa kumene sindinawerenge zonse. Koma YouTube imalipiradi anthu, mwana wa achimwene anga amalandira mwezi ndi mwezi ndi mavidiyo ake ophika, ndiye tisamangoti chilichonse cha pa intaneti ndi kuba, a Malawi timakonda kugwetsana mphwayi

Mjomba Fundi: Anachisale imeneyo ndi nkhani ina. Mwanayo amalipidwa chifukwa anthu akuonera mavidiyo ake ndipo pakudutsa malonda, ndipo kuti afike pamenepo pamafunika masabusikiraiba 1,000 ndi maola 4,000 oonedwa pa chaka. Amalipidwa wopanga vidiyo, osati woonera, ndipo sanayikepo dipoziti. Kugula malayiki YouTube imaletsa, ikazindikira imawachotsa. Kuli anthu amagulitsadi malayiki mwamseri koma amagulitsa mazanamazana pa mtengo wochepa, palibe wamisala angalipire K1,500 layiki imodzi. Ndiponso mavidiyo amene mayiwa amalayika eni ake sadziwa nkomwe, akubawo amangotola linki iliyonse. Sikirinishotiyo saiyang'ana, ena anayesapo kutumiza osalayika nkulipidwabe.

Anachisale: Ooo ndamva, pepani. Ndiye mayiwa atani?

Kabaza Boy: eee ndiye linki ija isabwerenso kkkk

Wa ku Joni: Chimene chimandiwawa ine mpaka lero si ndalama yokha, nkuti mphunzitsi wanga uja ndinkacheza naye ngati mnzanga, amandifunsa ngati ndadya, ana ali bwanji. Pambuyo pake ndinayamba kuwerenga za anthu amenewa. Ambiri amene amalemba mamesejiwo ali mmipanda ku Myanmar ndi Cambodia, malo ngati Myawaddy ndi Sihanoukville, ena anapita atanamizidwa kuti kuli ntchito ya makompyuta nkuwalanda mapasipoti. Bungwe la United Nations linanena mu 2023 kuti ku Myanmar kokha anthu osachepera 120,000 akukakamizidwa kugwira ntchito ya kuba pa intaneti, ku Cambodia pafupifupi 100,000. Kumayambiriro kwa 2025 atatulutsa anthu ku Myawaddy munali ndi a ku Ethiopia ndi Kenya omwe. Ndiye mwina amene amandifunsa ngati ndadyayo iye anali asanadye. Sindikudziwa ngati ndimukwiyire kapena ayi.

Bambo a Chisomo: Aaa inu, a ku Myanmar angadziwe bwanji Mpamba? Awa ndi anyamata a konkuno, mwina ali pa Zomba pompa.

Mjomba Fundi: Zonse ziwiri zitha kukhala zoona bambo. Wolemba mameseji ndi mwini sayiti atha kukhala kutali, koma amafuna anthu a konkuno oti alandire makwacha nkuwasandutsa USDT, ndalama ya kiripito ija imayenda limodzi ndi dola. Ena mwa amenewo akudziwa chimene akuchita, ena anangobwereketsa simu kapena anauzidwa kuti ndi ntchito ya "wolandira malipiro" amadyapo peresenti. Komanso anyamata a konkuno atha kukopera njira yomweyo, siyovuta. Za mayiwa sitingadziwe ali kuti, chimene tikudziwa nchakuti manambala anayi aja analembetsedwa mmayina a anthu chifukwa simu sulembetsa popanda chiphaso.

Ndipo si ife tokha opusitsidwa ayi, mayi musadzione ngati chitsiru. Ku America bungwe lawo la boma loteteza ogula la FTC linati madandaulo a mtundu womwewu anali pafupifupi 5,000 chaka chonse cha 2023 koma miyezi sikisi yoyamba ya 2024 anafika pafupifupi 20,000. Kumeneko amati ntchito yake ndi product boosting kapena app optimization, seti yake ya 40 yomweyo.

Mayi a Mapasa: Ndiye K510,000 yanga yapita basi? Palibe njira? Ya banki mkhonde ndiyenera kubweza pa 30 ndi 20 peresenti yake, bambo a kunyumba sakudziwa kalikonse

Ejenti wa pa Depoti: Sindikunamizani, mwayi ndi wochepa, ndalama zoterezi sizigona pa nambala, zimatapidwa ola lomwelo. K280,000 munatumiza liti?

Mayi a Mapasa: Loweruka madzulo

Ejenti wa pa Depoti: Masiku atatu. Yesanibe lero lomwe, musadikire mawa. Musanachite chilichonse jambulani machati onse, ya WhatsApp ija, ya Receptionist, ya mphunzitsi, tsamba la balansi, chifukwa pa Telegram munthu atha kufufuta meseji mbali zonse ziwiri, mukangowauza kuti mwazindikira mupeza chati yayera. Ndiye musawauze kanthu. Lembani pa pepala manambala anayi aja, mayina amene anatuluka potumiza, tsiku, nthawi ndi nambala ya tiranzakishoni iliyonse. Pitani ku ofesi yeniyeni ya kampani ya foni osati kwa ejenti ngati ine, ife tilibe mphamvu yotseka nambala ya munthu. Kenako ku polisi mukatenge lipoti, nkhani za ndalama chonchi amaziona a Fiscal. Pa nambala ina pakapezeka kuti patsala kanthu atha kuimitsa, koma kubweza sikukhala kwa tsiku limodzi chifukwa munatumiza nokha ndi PIN yanu, sizili ngati kulakwitsa nambala.

Bambo a Chisomo: Kupolisi nkutaya thiransipoti chabe

Ejenti wa pa Depoti: Mwina ndalama sabweza, koma pepala la polisi liwathandiza ku banki mkhonde amayi anzawo akaone kuti sanadye dala. Komanso nambala zikatsekedwa wina wapulumuka.

Wa ku Joni: Ndiwonjezere ichi sisi. Masabata akubwerawa mudzalandira meseji ya munthu wakuti ndi loya kapena katswiri wa makompyuta wobweza ndalama zobedwa, adzadziwa ndi kuchuluka kwa zimene munaluza. Ine anandipeza patatha mwezi, ndinampatsa R800 ya "kutsegula fayilo". Ndi omwewo kapena anagula dzina langa kwa omwewo. Komanso ngati pasiwedi imene munalemba pa sayiti yawo ndi yomwe mumagwiritsa kwina, sinthani. Munawatumizira chithunzi cha ID?

Mayi a Mapasa: Ayi ID sanapemphe, anangotenga dzina, zaka, ntchito yanga ndi nambala. Pasiwedi ndi ya pa Facebook yomwe, ndisintha pompano.

Anachisale: Za bambo a kunyumbazo ine ndinganene kuti auzeni msanga mayi, akamvera kwa amayi a banki mkhonde zidzavuta kawiri

Bambo a Chisomo: Zimenezo zimatengera bambo wake Anachisale, ena sauzika. Agulitse kaye belolo abweze ngongole, akauze nkhani itazizira.

Anachisale: Belo limodzi silingabweze K336,000 pofika pa 30, mukudziwa mmene kaunjika akuyendera panopa

Mjomba Fundi: Mayi ndaona dzina mwanditumizira lija. Sayitiyo inalembetsedwa masiku 19 apitawo.

Mayi a Mapasa: Iwo amati ali ndi zaka 7. Ndiye taonani izi, ndangokhala chete maola awiri okha mphunzitsi uja walemba kuti wandichonderera kwa manijala, kampani indithandiza theka, ine ndingoika K320,000 isanakwane 6 koloko apo ayi akaunti itsekedwa ndipo ndalama zipita ku "thumba la osauka". Ndipo mayi wa firiji akuti andibwereka K20,000 yake kuti ikwane ndi K300,000 yanga ija. Ine za K300,000 sindinauze kagulu kaja, ndinauza mphunzitsi yekha dzulo usiku.

Wa ku Joni: Mwamuona mayi wa firiji tsopano.

Ejenti wa pa Depoti: Musayankhe. Masikirinishoti mwamaliza?

Mayi a Mapasa: Ndamaliza, ndatumizanso pa foni ya mchemwali wanga kuti asasowe. Ndikukwera minibasi panopa, maofesi amatseka nthawi yanji kodi? Ndipo ku polisi ndikayambire pa yuniti ya kwathu kuno kapena ndipite ku siteshoni yaikulu?

Ejenti wa pa Depoti: Yambani ku ofesi ya foni isanakwane 4, mutenge ID yanu ndi foni imene munatumizira. Ku polisi pitani ku siteshoni yaikulu, a pa yuniti adzakutumizaninso komweko.